Zaka khumi pakauntala, mphindi zitatu pamaso pa anthu

Golosale imene inatsegula zitseko m'chaka cha 2015 n'kufika 2025 isanatseke, yaona zambiri. Pamene inkayamba, ndalama yapepala yaikulu kwambiri m'Malawi muno inali K1,000. Ya K2,000 inatuluka kumapeto kwa 2016, ya K5,000 n'kubwera mu Febuluwale 2022. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo anthu asanapume n'komwe, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Nthawi zonse ziwirizi mwini golosale ankadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalama zimene wagulitsa dzulo sizikwananso kupikula katundu yemweyo lero.

Pakati pa zimenezi panadutsa matenda a Covid-19 mu 2020, namondwe Freddy mu Malichi 2023, mizere ya mafuta a galimoto, ndiponso kusowa kwa shuga mu 2024. Amene wapirira zonsezi akaganiza zokonza kamwambo kokumbukira zaka khumi, palibe angamudabwe. Mahema ochepa, mipando yobwereka kutchalitchi, thobwa, makireti a zakumwa, ndi zokuzira mawu za mnyamata wapafupi, mwambo wakwana.

Chimene chimavuta si thobwa. Ndi nthawi ija wotsogolera mwambo amanena kuti tsopano timve mawu kuchokera kwa eni ake. Munthu amene amacheza ndi anthu ochuluka tsiku lililonse pakauntala, wodziwa amene akudwala ndi amene mwana wake wakhoza mayeso, akagwira maikolofoni amasanduka mlendo pakhonde pake. Ena amangoti zikomo kwambiri kasanu n'kukhala pansi. Ena amayamba mbiri ya moyo wawo kuchokera ku sitandade wani, mpaka thobwa litatha ndipo amayi ayamba kuzemba kukaphika.

Mawu oyenera patsikuli ndi aafupi, a mphindi zitatu, zikachuluka zinayi. Munthu wolankhula Chichewa mosathamanga, amene akupatsanso anthu mpata woomba m'manja, amakwanitsa mawu pafupifupi 300 m'nthawi imeneyi, tsamba limodzi ndi theka la kope la ana asukulu. Chifukwa chofupikitsira n'chodziwikiratu. Anthu ambiri pamwambo wapagolosale amakhala chiimire padzuwa, ena abereka ana, akabaza akuyang'ana kumsewu kuopa kuphonya kasitomala. Iwowa si anthu a muholo amene akhala kudikira chakudya.

M'mawu 300 amenewa muyenera kulowa zinthu zinayi: malonje, poyambira, zikomo wolunjika, ndi lonjezo limodzi.

Malonje ndi mwambo, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa asanayambe n'komwe. Kwathu kuno munthu salankhula pagulu asanapereke ulemu kwa eni nthaka. Ngati amfumu kapena nthumwi yawo abwera, iwo ndiye oyamba kutchulidwa. Kenako atsogoleri a mipingo, khansala ngati alipo, wapampando wa msika kapena wa amalonda apamalopo, ndiyeno amayi ndi abambo onse. Pamene pabwera abusa ndi ashehe, onse awiri atchulidwe, chifukwa sopo ndi mchere zimagulidwa ndi Akhristu ndi Asilamu omwe. Njira yabwino ndi kupempha wotsogolera mwambo kuti iye atchule alendo olemekezeka mmodzimmodzi poyambirira. Akatero, mwini golosale amangodutsamo m'chiganizo chimodzi, ndipo ngozi yoiwala wina imachepa. Malonje akadya mphindi yathunthu mwa zitatu zija, makasitomala amene mwambowu ndi wawo atsala ndi nyenyeswa.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze mayi wina wa ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, amene anayamba ndi kaokala mu 2015 ndipo lero ali ndi golosale ya zitseko ziwiri, antchito awiri ndi mlonda. Katundu amakapikula ku Limbe. Atakhala pansi usiku n'kulemba bwino, mawu ake angatuluke motere:

"Amfumu, abusa, ashehe, apampando a msika, amayi ndi abambo, ndakuonani nonse.

"Mu 2015, pamalo pamene mwaimapo apa panali kaokala ka malata anayi. Munali belo limodzi la shuga, katoni ya sopo, machesi, makandulo ndi chigubu cha mafuta oyeza. Mpamba wake ndinabwereka ku banki mkhonde. Amayi a gulu lija muli pano, ndikukuonani: ngongole ija ndinabweza, koma zikomo wake ndikubweza lero.

"Inu amayi a mandasi, amene mumandidzutsa tambala asanalire kachiwiri kufuna fulawa ndi mafuta, ndinu amene mwandiphunzitsa kulawira. Inu aphunzitsi, inu akabaza amene mumanditsitsira katundu mvula ili pamsana, inu ana amene mumabwera ndi ndalama m'kankhonya mutaiwala chimene akutumani, zikomo. Ena mwa ana amenewa lero akubwera ndi ana awo kumbuyo.

"Sukulu zitatsekedwa mu 2020, makope anakhala pashelefu miyezi yambiri. Simunandisiye. Freddy atatigwera, tinataya abale ndi anansi, ena anali makasitomala a pano. Tiyeni tiwakumbukire kamphindi. Matope atalowa m'sitolo muno, amene anabwera ndi makasu ndi ndowa ndinu. Mitengo itakwera mu Novembala 2023 munadandaula, inde, ena munandikalipira, koma m'mawa mwake munabweranso.

"Pamene ndinakulakwirani, kaya pa tchenje, kaya ndi pakamwa pangapa tsiku limene ndinadzuka moipa, mundikhululukire.

"Antchito anga awiri ndi alonda athu, imirirani anthu akuoneni. Bambo akunyumba ndi ana, zikomo popirira nsima yochedwa.

"Za mitengo sindilonjeza, chifukwa siichokera kwa ine. Chimene ndikulonjeza ndi ichi: sikelo ya pano sidzanama, ndipo katundu wotha masiku simudzamupeza pashelefu panga. Mukamupeza, bwezani ndipo ndalama yanu mudzalandira.

"Lero aliyense wogula alandira basela. Thobwa ndi lanu. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni."

Mawu amenewa akhoza kutha m'mphindi zitatu, ndipo mphamvu yake ili pa zinthu zimene mayiyu watchula ndi zimene wasiya dala.

Poyambira sananene kuti anayamba movutika. Aliyense amanena zimenezo ndipo palibe amene amazimvanso. Iye watchula malata anayi, belo limodzi la shuga ndi chigubu cha mafuta oyeza. Amene analipo nthawi imeneyo amagwedeza mutu chifukwa akukumbukira, ndipo amene anabwera pambuyo amayang'ana nyumba ya njerwa n'kuyerekeza okha. Mbiri yonse yatha m'ziganizo zinayi. Za mmene anavutikira kupeza malo, za mlamu amene anakana kumubwereka ndalama, za wantchito amene anathawa ndi ndalama za tsiku lonse, zonsezo ndi nkhani zapakhonde madzulo, osati pa maikolofoni.

Chachiwiri, makasitomala wawathokoza m'magulu, gulu lililonse ndi chizindikiro chake. Mawu akuti makasitomala athu okondedwa sakhudza munthu, chifukwa amamveka pawailesi tsiku lililonse. Koma akati amayi a mandasi amene amandidzutsa m'bandakucha, amayi aja amayang'anana, wina n'kuimba nthungululu. Kutchula magulu kulinso ndi ubwino wina: palibe wotsalira. Mwini golosale akayamba kutchula maina, afika pa anthu khumi, ndipo wa khumi ndi mmodzi, amene wakhala akugula mchere pamenepo kuyambira tsiku loyamba, apita kwawo ndi chotupa mumtima. M'tauni momwe magolosale amayang'anizana, munthu wotereyu sasowa kolowera mawa lake.

Dzina lingatchulidwe ngati lili limodzi kapena awiri, ndipo chifukwa chake chikhale chosatsutsika, monga kasitomala woyamba kugula patsiku lotsegulira, kapena agogo amene ndi aakulu kuposa onse. Munthuyo ayambe wafunsidwa dzulo lake ngati akulola. Ndipo atchulidwe mwaulemu wake, ndi mfunda kapena monga make wa uje, mmene anthu apamalopo amamuitanira. Amene sayenera kutchulidwa ndi uja wogula kwambiri. Kulengeza pagulu kuti bambo awa amasiya ndalama zambiri pano mwezi uliwonse ndi kuwaitanira akuba ndi opempha, komanso ndi kuuza mayi wogula shuga wa m'kapepala kuti iye ndi wochepa. Chonsecho golosale ya m'dera ngati Chilobwe imayenda ndi ogula pang'onopang'ono amenewa, obwera m'mawa, masana ndi madzulo.

Tsopano kabuku ka ngongole, kamene kamakhala pansi pa kauntala pafupifupi m'golosale iliyonse.

Mwini golosale aliyense ali ndi nkhani za kabuku kameneka, ndipo patsiku lachisangalalo lilime limayabwa. Wina amafuna kuseka nako: ena mwa inu mukumwa thobwa langa muli m'kabuku. Anthu amaseka ndithu, koma m'gulumo muli anthu amene kuseka kwawo ndi kwa mano okha, ndipo anzawo akuwayang'ana m'mbali. Winanso amafuna kuyamika, n'kunena kuti aphunzitsi awa amatenga pangongole koma mwezi ukatha amabweza osachedwa. Akuona ngati wawatama, koma waulula pamaso pa ana asukulu ndi makolo awo kuti aphunzitsi safika kumapeto kwa mwezi. Taonani kuti mayi wa ku Chilobwe uja aphunzitsi wangowathokoza osanena chifukwa. Ngongole yokhayo imene waitchula ndi yake yomwe, ya ku banki mkhonde. Pamenepo wadzitsitsa kufika pa msinkhu wa onse amene anayamba alembedwapo m'kabuku, ndipo palibe wachita manyazi.

Pali eni masitolo ena amene amafuna kukhululukira ngongole patsiku lotere. Ndi mtima wabwino, koma chilengezo chake chimabala mavuto awiri. Amene anabweza sabata yatha amadziona opusa, ndipo amene ali ndi chizolowezi chozemba amaphunzira kuti ngongole ya pano ukaichedwetsa imafa yokha. Ngati pali mayi wamasiye kapena banja limene linagweredwa tsoka, ngongole yawo ifafanizidwe mwakachetechete, awiriwiri, tsiku lina.

Nkhani ya mavuto nayo ili ndi malire. Mayi uja watchula atatu okha, ndipo onse ndi amene iye ndi makasitomala anadutsamo limodzi. Sukulu zinatsekedwadi mu Malichi 2020, ndipo aliyense wogulitsa makope, zolembera ndi tokazinga ta ana anaimva. Namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kutsikira m'nyumba za anthu ku Chilobwe, ndipo pamwambo wa m'dera limenelo n'zosatheka kungodumpha ngati sizinachitike. Koma vuto lililonse walimaliza ndi chimene makasitomala anachita: simunandisiye, munabwera ndi makasu, munabweranso. Umu ndi mmene madandaulo amasandukira kuthokoza. Akanangoima pa kukwera kwa mitengo n'kuyamba kufotokoza za kusowa kwa ndalama zakunja, anthu akanamva ngati akukonzekeretsedwa kukwera kwina.

Kuchokera pa mitengo kupita ku ndale ndi phazi limodzi lokha, ndipo ambiri amaterereka pamenepa, makamaka m'chaka cha chisankho monga 2025. Pakauntala pamabwera anthu a zitenje zamitundu yonse. Mwini golosale akaloza chala boma kapena otsutsa, wagawa makasitomala ake pakati. Ngati khansala kapena phungu wabwera, alandiridwe m'malonje, koma wotsogolera mwambo auzidwiretu kuti maikolofoni ikapita kwa iwo ndi moni chabe. Chimodzimodzi za amalonda anzake. Mawu onga akuti ena anatsegula pano n'kutseka ife tikadalipo, kapena kuzungulira za anthu ansanje amene ankafuna kuti tigwe, amamveka ngati mwano, ndipo m'dera limene mphekesera za kukhwima ndi zizimba sizichedwa kufala, amangotsegula nkhani imene mwini wake sangaitseke.

Mbali imene imafuna pensulo ndi lonjezo. Munthu akaona anthu akuomba m'manja mtima umakula, ndipo pakamwa pamatuluka zimene thumba silinavomereze: kuyambira lero shuga watsika. Tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza. Belo la shuga limakhala ndi mapaketi 20 a kilogalamu imodzi. Tinene kuti pa paketi iliyonse mwini golosale amapindula K150 atachotsa mayendedwe, kutanthauza K3,000 pa belo. Akalengeza kuti wachotsa K300 pa paketi, phindu lonse lapita ndipo akuonjezera K150 ya m'thumba mwake, K3,000 pa belo lililonse. Mbiri ya shuga wotchipa imathamanga. Pofika madzulo mabelo khumi atha, K30,000 yalowa m'madzi, ndipo ambiri mwa ogulawo si makasitomala ake okhulupirika aja koma eni maokala ena amene atuma ana kudzagula kuti akagulitsenso.

N'chifukwa chake basela amaposa kutsitsa mtengo. Mtengo wake umadziwika mwambo usanayambe: ngati ndi kabokosi ka machesi kapena chidutswa cha sopo wamtanda kwa ogula 100 oyamba, mwini golosale amawerengeratu n'kuika pambali. Basela amathera tsiku lomwelo, pamene mtengo ukatsika anthu amaukumbukira ndipo ukabwerera pamalo pake amati wakweza. Cholengeza chikhale ndi malire omveka, lero lokha kapena mpaka katoniyi itatha. Kulengeza mtengo wina pagulu n'kukalipiritsa wina pakauntala ndi kunamiza ogula, ndipo nkhani zotere ndi zimene bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda la CFTC limalandira madandaulo ake.

Lonjezo la mayi wa ku Chilobwe lili pa zinthu zimene zili m'manja mwake: sikelo ndi katundu wotha masiku. Kasitomala akhoza kuliyesa mawa lomwe. Mwini sitolo wina angalonjeze ola lotsegulira, kapena kuti azilandira ndalama za pafoni kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba popanda kuonjezera kanthu pamwamba. Chofunika ndi chakuti likhale limodzi, ndipo antchito alidziwe mwambo usanachitike, chifukwa amene adzakumane ndi kasitomala wobweza mkaka wotha masiku ndi mtsikana wapakauntala, mwina bwana ali ku Limbe.

Kupepesa kuja nako kuli ndi ntchito. M'zaka khumi palibe mwini golosale amene sanakanganepo ndi munthu pa tchenje, kapena kupereka maswiti m'malo mwa ndalama zachitsulo munthu asakufuna. Anthu amazisunga zimenezi. Chiganizo chimodzi chopepesa, chosatchula munthu kapena mlandu, chimamasula ambiri. Chikatalika chimasanduka bwalo la milandu.

Antchito ndi mlonda ayenera kuimiritsidwa kuti anthu awaombere m'manja, chifukwa makasitomala ambiri amadziwa nkhope ya wapakauntala kuposa ya mwini wake. Koma kuwayamika pagulu kumakoma ngati malipiro a mwezi watha anaperekedwa. Wantchito amene sanalandire akaima pamenepo nkhope yake imanena zonse, ndipo anthu apamalopo amakhala akudziwa kale.

Pa kakonzekeredwe, odziwa kulankhula pagulu sawerenga papepala liwu ndi liwu. Munthu wowerenga amayang'ana pansi, mawu amauma, ndipo Chichewa chake chimasanduka cha m'kalata ya ku ofesi. Chothandiza ndi kulemba mawu onse kamodzi, kuwayeseza mokweza kawiri kapena katatu foni ikuwerenga mphindi, kenako kulemba pakapepala kakang'ono mitu yokha: malonje, okala, magulu, mavuto atatu, pepani, antchito, lonjezo, basela. Zikapitirira mphindi zinayi poyeseza, chodula choyamba ndi mbiri ya mwini wake, osati zikomo wa makasitomala. Womvetsera woyenera poyeseza ndi munthu wosaopa kunena zoona, monga mchemwali kapena mnzake wa ku banki mkhonde, ndipo funso lomufunsa ndi limodzi: kodi pali amene angachoke pano atakhumudwa?

Chilankhulo chikhale chimene chimalankhulidwa pakauntala. Ena akaona maikolofoni amathawira ku Chingerezi kuti amveke ophunzira, agogo amene amagula parafini n'kutsala m'malere. Ku Mangochi moni wa Chiyao amatsegula mitima, ku Mzuzu wa Chitumbuka, ku Mulanje ndi ku Phalombe wa Chilomwe, ngakhale mawu otsalawo atakhala a Chichewa. Mwambi umodzi ndi wokwanira ngati ukugwirizana ndi nkhani, koma si lamulo. Mayi wa m'chitsanzo chathu sanaikemo ngakhale umodzi ndipo palibe chimene chasowa.

Nthawi yolankhulira nayo isankhidwe. Mawu abwere pambuyo pa pemphero ndi malonje a wotsogolera mwambo, koma zakumwa ndi basela zisanayambe kugawidwa. Kireti ikangotsegulidwa, makutu onse amapita kumeneko. Woimba nyimbo auzidwe kuti azimitse kotheratu, osati kungotsitsa, ndipo popeza magetsi sapangana ndi munthu, mwini golosale aime pamalo okwera monga pakhonde, pamene angamveke ngakhale zokuzira mawu zitazima.

Zizindikiro zakuti mawu akuyenda bwino zimaonekera pomwepo. Anthu amayankhira, ena amati eee, ena zoona, gulu lotchulidwa limasekerera, akabaza amasiya kuyang'ana kumsewu. Zikayamba kulakwika, kumbuyo kumayamba manong'onong'o, amayi amamanganso ana kumsana, ndipo wotsogolera mwambo amayamba kuyendayenda pafupi. Wolankhula akaona zimenezi adumphe zotsala n'kupita pa lonjezo ndi basela, atseke.

Inu amene golosale, saluni, butchala kapena sitolo yanu ya zipangizo ikuyandikira zaka khumi, yambani ndi pepala ndi cholembera sabata imodzi mwambo usanafike. Lembani katundu amene munali naye tsiku loyamba, magulu a anthu amene amalowa pakhomo panu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mavuto atatu amene munadutsamo nawo limodzi, ndi chinthu chimodzi chimene mungalonjeze popanda kudalira mtengo wa dola. Kabuku ka ngongole kasiyeni pansi pa kauntala, ndipo basela muwerengeretu musanamulengeze.